Malipiro a papepala ndi malipiro enieni: funso limene limagwetsa ambiri pa mayeso a zachuma

Pa mayeso a maphunziro a zachuma, kaya ku yunivesite kaya kusukulu zophunzitsa kuwerengera ndalama, pali funso lina limene silisowa. Manambala amasintha chaka ndi chaka, koma chimene akufunsa chimakhala chomwecho. Nali funso limodzi la mtunduwu, ndipo manambala ake ndi ongoyerekezera kuti tiphunzirirepo.

Kalaliki wina ankalandira K200,000 pamwezi pamene mlozo wa mitengo ya zinthu, CPI, udali pa 125. Patapita zaka zingapo akulandira K300,000, ndipo CPI yafika pa 200. Kodi malipiro ake enieni asintha bwanji?

A. Akwera ndi 50 peresenti
B. Atsika ndi 25 peresenti
C. Atsika ndi 10 peresenti
D. Atsika ndi 6.25 peresenti

Yankho lolondola ndi D. Koma mayankho atatu enawo sadangoikidwa mwachisawawa. Wolemba funso amakhala pansi n'kuganizira njira zonse zimene wophunzira angasocherere, ndipo kumapeto kwa njira iliyonse amaikako yankho loti limudikirire. Wosocherayo akalipeza pamndandanda yankho lake, mtima umakhala m'malo, osadziwa kuti wakodwa. Choncho munthu amene wamvetsa chifukwa chake A, B ndi C ali olakwa, wamvetsa phunziro lonse, ndipo angathe kudziwerengera yekha ngati malipiro ake akukweradi kapena ayi.

Kwacha ya chaka chino si ya chaka chija

Malipiro a papepala ndi nambala imene yalembedwa pa peyisilipi kapena m'kalata yolembera munthu ntchito. M'mabuku a zachuma amawatcha malipiro a nominolo. Malipiro enieni ndi kuchuluka kwa ufa, sopo, lendi ndi thiransipoti zimene ndalamazo zingalipire. Munthu sadya ndalama koma zimene ndalamazo zagula, n'chifukwa chake akatswiri amafuna nambala yachiwiriyi.

Vuto ndi loti kwacha, imene timayezera nayo malipiro, imasintha mphamvu. Zili ngati mlimi amene amayeza zokolola zake ndi ndowa, koma ndowayo ikucheperachepera chaka chilichonse. Chaka chino angawerenge ndowa 300 pamene kale ankawerenga 200, komabe nkhokwe osadzaza monga inkadzazira. Kuti adziwe zoona, ayenera kuyeza zokolola za zaka zonse ziwiri ndi ndowa imodzi. Ntchito ya mlozo wa mitengo ndi yomweyo: kutithandiza kuyeza ndalama za zaka zosiyana ndi kwacha ya nthawi imodzi.

Kuno ku Malawi CPI imawerengedwa ndi ofesi ya boma ya kalembera, National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Ofesiyi imatenga mndandanda wa zinthu zimene mabanja amagula, monga chimanga, ndiwo, mafuta ophikira, zovala, malo okhala, magetsi ndi mayendedwe. Mndandandawu amautcha dengu. Chinthu chilichonse m'dengumo chimapatsidwa kulemera kwake molingana ndi gawo la ndalama limene mabanja amawonongera pa chinthucho, kotero kukwera mtengo kwa chimanga kumasuntha mlozowo kwambiri kuposa kukwera mtengo kwa machesi. Mwezi uliwonse mitengo imatoleredwa m'misika ndi m'masitolo, ndipo mtengo wa dengu lonse umafananizidwa ndi mtengo wake pa nthawi imodzi yosankhidwa, imene pano tiitcha chaka choyezera. Chaka chimenecho chimapatsidwa nambala 100.

Ndiye CPI ikakhala pa 125, zikutanthauza kuti katundu amene pa chaka choyezera ankagulidwa ndi K100 tsopano akufuna K125. Ikakhala pa 200, katundu yemweyo akufuna K200. Mlozo umanena pamene mitengo yafika. Sunena pawokha kuti mitengo yakwera ndi maperesenti angati pakati pa zaka ziwiri zimene mwasankha. Zimenezo muyenera kuwerengera nokha.

Funso lija, pang'onopang'ono

Lamulo lake ndi limodzi:

```
malipiro enieni = malipiro a papepala ÷ CPI × 100
```

Tiyambe ndi chaka choyamba. K200,000 kugawa ndi 125, kenaka kuchulukitsa ndi 100, tikupeza K160,000. Chaka chachiwiri, K300,000 kugawa ndi 200, kuchulukitsa ndi 100, tikupeza K150,000. Tsopano manambala onse awiri ali mu kwacha ya chaka choyezera, ndipo tingawafananize popanda mantha. Kuchokera pa K160,000 kufika pa K150,000 zachepa ndi K10,000. Tikagawa K10,000 ndi K160,000, imene tidayambira, tikupeza 6.25 peresenti. Kalaliki uja akulandira ndalama zambiri kuposa kale, koma akubwera kunyumba ndi katundu wochepa.

Nanga mayankho enawo adachokera kuti? A ndi wa munthu amene sadayang'ane n'komwe mitengo. Wangoona kuti 200,000 yasanduka 300,000, ndipo kumeneko n'kukwera kwa theka. Sadalakwitse samu, koma wayankha funso limene sadafunsidwe. Mawu oti "enieni" akapezeka m'funso, akukuuzani kuti mlozo uyenera kugwira ntchito.

B ndi wa munthu amene wasokoneza mapointi a mlozo ndi maperesenti. Waona kuti kuchokera pa 125 kufika pa 200 pali 75, n'kunena kuti mitengo yakwera ndi 75 peresenti, kenaka wachotsera 75 pa 50. Koma 75 ameneyo ayenera kugawidwa ndi 125, pamene mlozo udayambira, ndipo zikatero tikupeza 60 peresenti. Mapointi amafanana ndi maperesenti pokhapokha pamene mukuyambira pa chaka choyezera chenichenicho, pa 100. Olemba mafunso amadziwa kuti ophunzira adazolowera zitsanzo zoyambira pa 100, n'chifukwa chake amakonda kuyambira pa nambala ina.

C ndiye wopweteka kwambiri, chifukwa amakola ophunzira akhama. Munthuyu wapeza bwino kuti malipiro akwera ndi 50 peresenti, wapezanso bwino kuti mitengo yakwera ndi 60 peresenti. Cholakwa chake n'choti wachotsera m'malo mogawa. Malipiro achulukitsidwa ndi 1.5, mitengo yachulukitsidwa ndi 1.6, ndipo 1.5 kugawa ndi 1.6 ndi 0.9375. Ndiye kuti pa katundu aliyense 100 amene kalalikiyo ankagula, tsopano akugula 93.75. Kutsika kwake ndi 6.25 peresenti yomwe ija, osati 10.

N'chifukwa chiyani kuchotsera kumaphunzitsidwa?

Wina angadabwe, popeza mabuku ambiri amanenadi kuti kukwera kwa malipiro enieni ndi kukwera kwa malipiro a papepala kuchotserapo kukwera kwa mitengo. Imeneyi ndi njira yachidule, ndipo imagwira ntchito bwino manambala akakhala aang'ono. Malipiro akakwera ndi 5 peresenti, mitengo ndi 3 peresenti, kuchotsera kumapereka 2, pamene kugawa 1.05 ndi 1.03 kumapereka 1.9 ndi kanthu. Kusiyanako n'kosadetsa nkhawa. Mabuku ambiri amene timaphunzirira adalembedwa ku America ndi ku Britain, kumene mabanki aakulu amalimbikira kuti mitengo izikwera ndi 2 peresenti yokha pachaka. Kumeneko njira yachiduleyi siiwononga kanthu.

Manambala akakula, njirayi imasochera. Malipiro akakwera ndi 20 peresenti pamene mitengo yakwera ndi 30, kuchotsera kumati mwataya 10 peresenti, koma 1.2 kugawa ndi 1.3 kukusonyeza kuti mwataya 7.7. Kuti muone bwino kuti njirayi ili ndi malire, ganizirani munthu amene malipiro ake sadasinthe pamene mitengo yakwera ndi 150 peresenti. Kuchotsera kunganene kuti malipiro ake enieni atsika ndi 150 peresenti, zomwe sizingatheke, chifukwa munthu sangataye zoposa zonse zimene adali nazo. Zoona zake n'zoti katundu wa K100 tsopano ndi wa K250, ndiye K100 yake ikugula magawo awiri mwa magawo asanu a katundu uja. Wataya 60 peresenti.

Pa mayeso, yang'anani mawu a funso. Likati "pafupifupi" ndipo manambala ake ndi osafika pa 10, kuchotsera kungakwanire. Likakupatsani milozo iwiri ndi malipiro awiri, gawani.

Malipiro ochepetsetsa, 2021 mpaka 2024

Tiyese njira yomweyi pa manambala enieni a dziko lino. Mu January 2021 malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma adafika pa K50,000 pamwezi. Adakhala pomwepo mpaka February 2024, pamene adakwezedwa kufika pa K90,000 kwa ogwira ntchito wamba. Papepala kumeneko n'kukwera kwa 80 peresenti, nambala yooneka yaikulu ndithu.

M'zaka zitatu zomwezo kwacha idachepetsedwa mphamvu kawiri, ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Malinga ndi ofesi ya kalembera ija, mu January 2022 mitengo idali itakwera ndi pafupifupi 12 peresenti poyerekeza ndi January wa chaka chapitacho. Mu January 2023 idakweranso ndi pafupifupi 26 peresenti, ndipo mu January 2024 ndi 35 peresenti.

Apa pali msampha wina umene umabwera kawirikawiri pa mayeso. Munthu wachangu amaphatikiza 12, 26 ndi 35 n'kupeza 73. Kenaka amati malipiro adakwera ndi 80, mitengo ndi 73, ndiye wantchito adapindula. Koma kukwera kwa chaka chachiwiri sikuwerengedwa pa mitengo ya poyamba paja. Kumawerengedwa pa mitengo imene idakwera kale. Tikaika January 2021 pa 100, January 2022 akhala pa 112. Kukwera kwa 26 peresenti kukugwera pa 112, ndipo tikufika pa 141. Kukwera kwa 35 peresenti kukugwera pa 141, ndipo tikufika pakati pa 190 ndi 191. Maperesenti a zaka zotsatizana amachulukitsidwa, saphatikizidwa:

```
1.12 × 1.26 × 1.35 = 1.905
90,000 ÷ 1.905 = 47,244
```

Ndiye K90,000 ya kumayambiriro kwa 2024 inkagula katundu wofanana ndi wa pafupifupi K47,000 ya mu January 2021. Kukweza kwa 80 peresenti kuja sikudamubwezere wantchito ngakhale pamene adali zaka zitatu m'mbuyomo. Onani mmene njira ziwirizi zasiyanirana. Yophatikiza ikuti adapindula, yochulukitsa ikuti adataya ndi maperesenti opitirira asanu. Pano kulakwitsa samu sikukusintha kukula kwa yankho kokha, kukulitembenuza.

Funso lomweli lingafunsidwe chobwerera: kodi malipiro akadayenera kufika pati kuti agule zimene K50,000 inkagula? Tsopano mukupititsa ndalama zakale ku mitengo yatsopano, ndiye mukuchulukitsa m'malo mogawa. K50,000 kuchulukitsa ndi 1.905 ndi K95,000 ndi kanthu. Ndipo musaiwale miyezi imene malipiro adangoima. Pofika January 2024, munthu amene ankalandirabe K50,000 ankagula katundu wofanana ndi wa K26,000 ya mu 2021, kungopitirira theka pang'ono.

Funso likakhala la chuma cha dziko lonse

Mtundu wachiwiri wa mafunsowa umafunsa za GDP, mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga m'chaka. Ganizo lake ndi lomwelo, koma kawirikawiri amakupatsani mitengo ndi kuchuluka kwa katundu kuti mupange nokha mlozo. Tiyerekeze dziko limene limapanga zinthu ziwiri zokha, chimanga ndi zitenje.

Chaka choyamba, chimene ndi choyezera, lakolola matumba 100 a chimanga pa K20,000 thumba, ndipo lapanga zitenje 50 pa K10,000 chimodzi. Chimanga chikupereka K2,000,000, zitenje K500,000, zonse pamodzi K2,500,000. Chaka chachiwiri mvula yavuta. Lakolola matumba 90 okha, koma thumba lafika pa K35,000. Zitenje zachuluka kufika pa 60, pa K12,000 chimodzi. Chimanga chikupereka K3,150,000, zitenje K720,000, zonse pamodzi K3,870,000. GDP ya papepala yakwera ndi pafupifupi 55 peresenti, m'chaka chimene anthu akolola zochepa.

Kuti tipeze GDP yeniyeni, timatenga katundu wa chaka chachiwiri n'kumuwerengera pa mitengo ya chaka choyezera. Matumba 90 pa K20,000 ndi K1,800,000. Zitenje 60 pa K10,000 ndi K600,000. Zonse pamodzi ndi K2,400,000. Poyerekeza ndi K2,500,000 ya chaka choyamba, chuma chachepa ndi 4 peresenti. Kukwera konse kumene tidaona papepala kudachokera ku mitengo.

Pamenepa ophunzira ambiri amasinthanitsa zinthu, n'kutenga katundu wa chaka chakale pa mitengo yatsopano. Kuwerengera kotero kumayankha funso lina, loti dengu lakale lija likugulidwa ndalama zingati lero, ndipo umo ndi mmene CPI imapangidwira. Pofuna GDP yeniyeni, chimene chimaimitsidwa ndi mitengo, ndipo katundu ndiye amaloledwa kusintha, chifukwa chimene tikufuna kudziwa n'choti katunduyo wachuluka kapena wachepa.

Manambala awiriwa amatipatsanso mlozo wina, wotchedwa difuleta ya GDP:

```
difuleta = GDP ya papepala ÷ GDP yeniyeni × 100
```

M'chitsanzo chathu, 3,870,000 kugawa ndi 2,400,000, kuchulukitsa ndi 100, tikupeza 161.25. Mitengo ya zinthu zopangidwa m'dzikomo yakwera ndi 61 peresenti ndi kanthu.

Funso likakupatsani CPI ndi difuleta pamodzi, likufuna kuona ngati mukudziwa kusankha. CPI imatsata zimene mabanja amagula, kaya zapangidwa kuno kaya zachokera kunja, monga mafuta a galimoto amene Malawi amaitanitsa. Difuleta imatsata zimene dziko lapanga, kuphatikizapo zimene mabanja athu sagula kwenikweni, monga fodya wogulitsidwa ku Kanengo kapena tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje wopita kunja. Choncho malipiro a wantchito amagawidwa ndi CPI, pamene GDP imagawidwa ndi difuleta yake.

Mmene mungadziwire kuti mwasochera

Musanapereke yankho, pali njira yofulumira yoliyesera. Pa chaka choyezera mlozo ndi 100, ndiye nambala ya papepala ndi yeniyeni ziyenera kufanana. Mlozo ukaposa 100, nambala yeniyeni iyenera kukhala yochepa kuposa ya papepala. Mukapeza kuti K300,000 pa CPI ya 200 yasanduka K600,000, dziwani kuti mwachulukitsa pamene mumayenera kugawa. Mlozo ukakhala pansi pa 100, monga zimakhalira kawirikawiri pa zaka za m'mbuyo mwa chaka choyezera, nambala yeniyeni imaposa ya papepala, ndipo zimenezo si cholakwa. K80,000 pa mlozo wa 80 ndi K100,000 mu kwacha ya chaka choyezera. Mukapeza yankho laling'ono modabwitsa, monga K1,500, mwina mwaiwala kuchulukitsa ndi 100.

Onetsetsaninso kuti milozo iwiri imene mukugwiritsa ntchito ili ndi chaka choyezera chimodzi. Maofesi a kalembera amasintha dengu ndi chaka choyezera pakapita zaka, chifukwa zimene anthu amagula zimasintha. Mlozo wa 300 wa mndandanda wakale ndi mlozo wa 120 wa mndandanda watsopano sizikutanthauza kuti mitengo idatsika. Kuwerenga kudangoyambanso pa 100, ndipo mindandanda iwiriyo iyenera kulumikizidwa kaye musanaifananize.

Chimene yankho la pa mayeso silinena

Pa mayeso, funso limatha mukapeza nambala. Koma nambalayo imadalira dengu la banja lapakatikati, ndipo banja lanu lingakhale losiyana nalo. M'dengu la dziko lino chakudya chimatenga pafupifupi theka, koma banja lolandira malipiro ochepetsetsa limawonongera gawo lalikulu kuposa pamenepo pa ufa ndi ndiwo. Mu January 2024, pamene mitengo yonse pamodzi idakwera ndi 35 peresenti, ya chakudya payokha idakwera ndi maperesenti opitirira 40. Ndiye kuti kwa mlonda kapena wogwira ntchito mufakitale, kutsika kwa malipiro enieni kudali kwakukulu kuposa kumene CPI ya dziko lonse ikusonyeza. Mlimi amene amadya chimanga chodzilimira, n'kugulitsako chotsala, kukwera komweko kumamukhudza mwanjira ina.

Izi sizikuchotsa ntchito ya mlozo, koma zikusonyeza mmene tingaugwiritsire ntchito mwanzeru. Ofesi ya kalembera imalengeza padera kukwera kwa mitengo ya chakudya ndi kwa zinthu zina, ndiye amene ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya angayese malipiro ake pa manambala onse awiri. Komiti ya ogwira ntchito imene ikukonzekera kukambirana ndi mabwana iyenera kudziwa mwezi umene malipiro adakwezedwa komaliza, n'kupeza CPI ya mwezi umenewo ndi ya mwezi uno. Igawe mlozo watsopano ndi wakale, n'kuchulukitsa ndi malipiro akale. Nambala imene yatulukayo ndi imene ingangobwezera antchito pamene adali. Kukweza kulikonse kosafika pamenepo n'kutsitsa malipiro ngakhale kalata yake itanena zina, ndipo kukambirana za kukweza kwenikweni kumayambira pamwamba pa nambalayo.